Zoyesa zaulere zija zikayamba kukudulani ndalama: muyang'ane pati?

Ndili ndi kamalo kosindikizira mapepala kufupi ndi Chikanda kuno ku Zomba, ndiye ana a sukulu ndi anthu osaka ntchito amabwera tsiku ndi tsiku ndi mafoni awo kuti ndiwathandize kutulutsa makalata. Dandaulo lomwe sililephera mwezi uliwonse ndi ili: "achimwene, ndalama zanga zikungochoka pa khadi, sindikudziwa kuti zikupita kuti". Tikafufuza, nthawi zambiri timapeza kuti ndi ka apu kaja munthu anadina `Start free trial` usiku wina ali pa changu. Ndatopa kufotokoza zomwezomwezo pa kauntala, ndiye ndangoti ndizilembe, aliyense apeze chizindikiro chomwe chikumukhudza.

Mfundo imodzi yokha musanapite pansipa. Apu ikakufunsani nambala ya khadi isanakupatseni masiku aulere, ndiye kuti mwagula kale, kungoti tsiku lolipira aliika kutsogolo. Palibenso amene adzabwere kudzakufunsani ngati mukufuna kupitiriza. Mukakhala chete amati mwavomera.

## Chizindikiro 1: ndinadilita apu koma akundidulabe

Ili ndiye vuto lalikulu, ndikhalitsapo pang'ono.

Zomwe zimachititsa, kuyambira chofala kwambiri:

- Munachotsa apu pa foni koma simunakansele. Apu ndi chinthu china, mgwirizano wolipira ndi chinanso, umakhala mu akaunti yanu ya Google kapena ya Apple osati mu foni. Ngakhale foniyo itagwera mu mtsinje wa Likangala kudula kupitirirabe.
- Munakansela mu akaunti yolakwika chifukwa pa foni pali ma Gmail awiri kapena atatu.
- Munayamba kukansela koma simunafike kumapeto.

Moyang'ana pa Android: tsegulani Play Store, dinani kachithunzi kanu pamwamba kumanja, kenako `Payments & subscriptions`, kenako `Subscriptions`. Pa iPhone ndi `Settings`, dzina lanu pamwamba, kenako `Subscriptions`. Chilichonse chomwe chili pamenepo ndipo chikuonetsa tsiku lodzalipiranso ndiye kuti chili moyo. Dinani, sankhani `Cancel subscription`, ndipo pitirizani mpaka muone kuti zasintha, pakhale tsiku lothera osati tsiku lodzadulanso.

Ndikupatseni nkhani ya mwana wa mlongo wanga kuti muone m'mene zimayendera. Amafuna kusintha zithunzi za satifiketi kukhala PDF kuti atumize kalata yofunsira ntchito, ndiye Lachisanu cha m'ma 8 koloko usiku anaika apu ina yojambulira mapepala yomwe inalemba kuti masiku 3 aulere. Pansi pa batani panali timalemba ting'onoting'ono toti pambuyo pake ndi madola 6.99 pa sabata, iye sanawerenge, komanso khadi yake inali yolumikizidwa kale ku Play Store ndiye panalibe chomuimitsa, anangodina basi. Loweruka ntchito itatha anadilita apu nkuiwala. Lolemba usiku anamudula koyamba. Meseji yaku banki inabwera koma inalowa pakati pa mameseji a mabandulo ndi otsatsa malonda. Lolemba linalo anamudulanso, kenako linalo, kenako linalo. Tikayerekeza dola pa K1,750, kudula kumodzi ndi pafupifupi K12,200, kanayi ndi pafupifupi K49,000, osawerengera kachindalama komwe banki imaonjezera pa zolipira kunja. Anazindikira tsiku lomwe ndalama ya lendi inaperewera.

Atabwera Lachiwiri tinatsegula `Subscriptions` ndipo munalibe kanthu, mbee. Iye nkumati mwaona amalume, andibera basi. Koma titadinanso kachithunzi kaja tinapeza kuti pa foni pali akaunti yachiwiri, yomwe anamutsegulira mnyamata wogulitsa mafoni ku msika tsiku lomwe ankagula foniyo, ndipo apu ija inalowa kudzera m'menemo. Titasinthira ku akaunti imeneyo chinthu chija chinali pompo, chikudikira Lolemba lotsatira. Tinakansela, tinajambula sikirinishoti, kenako tinapempha kubweza ndalama ya dzulo lake poti maola 48 anali asanakwane. Imeneyo inabwerera patapita masiku angapo. Zitatu zoyambazo tinalembera eni ake a apu, mpaka lero zii.

Pa nkhani yosafika kumapeto ija, samalani kwambiri mukamakansela pa webusaiti. Mukadina kukansela amakufunsani chifukwa, kenako amakupatsani mtengo wotsika, kenako amati bwanji mungopumira kaye mwezi umodzi, ndipo batani lalikulu lowala limakhala lokubwezani m'mbuyo pomwe lokansela lenileni ndi lotuwa kapena ndi timalemba chabe. `Pause` si kukansela, ikatha nthawi yopumayo kudula kumayambiranso. Ngati simunalandire imelo yotsimikiza, kapena tsamba silikuonetsa tsiku lothera, tengani kuti simunakansele.

## Chizindikiro 2: akundidula koma mu Subscriptions mulibe chilichonse

Choyamba onani ma akaunti onse monga ndanenera. Ngati mulibebe, ndiye kuti munalowera khomo lina, ndipo lamulo lake ndi loti khomo lomwe munalowera ndi lomwe mutulukire.

- Chofala: munalembetsa pa webusaiti ya kampaniyo mwachindunji, mwina pa laputopu, nkulemba nambala ya khadi pamenepo. Apa Google ndi Apple sizikudziwa chilichonse. Lowani pa webusaitiyo ndi imelo yomwe munagwiritsa ntchito, fufuzani `Billing`, `Plan` kapena `Account`.
- Chachiwiri: wina m'nyumba kapena mnzanu anagwiritsa ntchito khadi yanu pa akaunti yake, mwina munachita kumubwereka nokha "kungoti atsegulire zaulere".
- Chosowa: khadi yabedwa manambala. Izi zili kumapeto.

Kuti mudziwe khomo, werengani dzina lomwe lalembedwa pa meseji yaku banki kapena pa sitetimenti. Likayamba ndi `GOOGLE*` ndi za Google, likakhala `APPLE.COM/BILL` ndi za Apple, likakhala dzina lina ndiye kuti munalembetsa mwachindunji. Nthawi zina dzinalo silifanana ndi la apu chifukwa amalemba dzina la kampani yomwe ndi mwini wake, ndiye musathamangire kunena kuti simukulidziwa. Tengani kuchuluka kwa ndalamayo ndi tsiku lake mukafananize ndi malisiti a mu imelo. Mu Gmail lembani izi pofufuzira:

```
(trial OR subscription OR renewal OR receipt) newer_than:3m
```

Zikutulutsirani maimelo a miyezi 3 yapitayi okhala ndi mawu amenewo. Muonenso mu `Spam` ndi mu `Promotions`, machenjezo oti masiku aulere akutha amakonda kugwera kumeneko, ngati anatumiza nkomwe.

## Chizindikiro 3: ndinakansela tsiku lomaliza koma andidulabe

Apa anthu amakwiya kwambiri poti amaona kuti anachita zonse bwino. Vuto limakhala kuwerenga masiku.

Chofala ndi kuganiza kuti tsiku lomaliza limatha pakati pa usiku. Nthawi zambiri amawerenga kuchokera pa ola lomwe munadina. Mukayamba Lachisanu 8 koloko m'mawa zoyesa za masiku 3, Lolemba 8 koloko m'mawa zatha, inu mukamakansela madzulo mutaweruka ndiye kuti mwachedwa ndi maola angapo. Chachiwiri, Apple imanena yokha kuti mukansele pasanatsale maola 24 kuti nthawi yaulere ithe, ndiye tsiku lomaliza lenilenilo kwa a iPhone ndi lochedwa kale. Chachitatu ndi kusiyana kwa nthawi, mawebusaiti ena amatsatira wotchi yakwawo, ndipo ife kuno tili maola 2 patsogolo pa UTC, wotchi yomwe dziko lonse limayezerapo nthawi, ndiye "tsiku la 14" lawo silingafanane ndendende ndi lanu.

Ndiye kuonjezera apo pali za kwathu kuno. Tsiku lomwe mwasungira kuti mukansele ndi lomwe magetsi azime kuyambira m'mawa, foni ithe moto, bandulo ithe, kapena mupite ku maliro kumudzi komwe netiweki ndi yokwerera pa chulu. Ine sindikhulupirira tsiku lomaliza olo pang'ono.

Chochita chake nchophweka. Ngati mwalembetsa kudzera pa Play Store, kanselani nthawi yomweyo mukangomaliza kulembetsa, musanadzuke pa mpando, chifukwa kawirikawiri mumapitiriza kugwiritsa ntchito mpaka masiku aulere atatha. Koma werengani zomwe zalembedwa musanatsimikize, pali ena makamaka ku iPhone ndi pa mawebusaiti omwe amakutsekerani pompo mukakansela. Kwa oterowo ikani alamu masiku 2 nthawi isanathe, ndi ina tsiku lotsatira ngati yoyamba mwaiphonya. Zoyesa za masiku 3 ndiye musavutike ndi alamu, chitani ntchito yanu lero lomwe nkukansela lero lomwe.

## Chizindikiro 4: pa khadi panalibe ndalama, ndiye ndimati zafa zokha

Njira iyi ana a sukulu amaikonda, amati ndingosiya khadi ili mbee, adula chani. Imagwira mpaka tsiku lomwe ndalama yalowa. Kulipira kukakanika mgwirizano sufa tsiku lomwelo, amayeserabe kwa masiku angapo, ena kwa masabata, ndiye makolo akangotumiza ya chakudya kapena malipiro akangolowa, oyamba kudya ndi iwo. Zimachitikanso chimodzimodzi ndi makhadi olumikizidwa ku ndalama za pa foni, poti khadiyo imatapa mu waleti momwemo.

Chinanso choti muone: mu Play Store munthu amatha kuika njira yachiwiri yolipirira, ndiye khadi yoyamba ikakana amapita ku inayo. Ndipo ngati munalembetsa mwachindunji pa webusaiti, makampani ena amalemba ngati ngongole nkukutsekerani akaunti mpaka mutalipira, zomwe zimawawa ngati mafayilo anu ali m'menemo.

Khadi yopanda ndalama ndi chitetezo chothandizira chabe. Kanselani kaye, kenako ndiye muchotse khadi pa akaunti ngati mukufuna.

## Chizindikiro 5: andidula zambiri kuposa zomwe ndimayembekezera

- Mtengo unali wa pa sabata inu mumaona ngati wa pa mwezi. Ma apu ang'onoang'ono osinthira zithunzi, ojambulira mapepala ndi olembera mbiri ya ntchito amakonda zimenezi. Yang'anani `/week`, `/month` kapena `/year` pafupi ndi mtengo.
- Analemba mtengo wa pa mwezi ndi malemba akulu koma kulipira kwake ndi kwa chaka chonse kamodzi. Mawu ake ndi `billed annually`. Madola 4 pa mwezi amasanduka madola 48 tsiku limodzi.
- Mtengo uli mu madola ndipo banki imasintha pa mtengo wake wa tsiku lodula, kuphatikizapo zolipiritsa zake. Amene anali ndi zolipira za kunja mu Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti akukumbukira, apu yomweyomweyo mwezi wotsatira inadya makwacha ambiri osakweza mtengo wake olo senti.

Pali msampha wina womwe anzathu opanga zithunzi ndi mapositala akuyenera kuudziwa. Mapulani ena ndi a chaka chonse koma olipira mwezi ndi mwezi, pa sikirini amalemba `Annual, billed monthly`. Adobe mwachitsanzo, kampani ija yopanga Photoshop, pa pulani yotereyi mukakansela patadutsa masiku 14 chilipirireni, amalipiritsa theka la ndalama zomwe zatsala pa chakacho. Ndiye munthu amaona ngati angolipira mwezi umodzi nkuchoka, kenako nkupeza kuti kuchokako nako nkolipira. Mukaona mawu amenewo pa zoyesa zaulere, tsiku lokansela lilembeni ndi cholembera chofiira.

Ngati mwadulidwa kumene, fulumirani. Ku Google Play pempho lobweza limakhala ndi mwayi mkati mwa maola 48, kupitirira apo amakutumizani kwa eni apu. Ku Apple mumapempha pa `reportaproblem.apple.com`. Si lonjezo kuti abweza, koma kupempha nkwaulere. Kumbukirani kuti kupempha kubweza ndi kukansela ndi ntchito ziwiri, chitani zonse.

## Chizindikiro 6: ndangolembetsa kumene koma achotsa kale kandalama

Kakakhala kakang'ono ngati dola imodzi, kawirikawiri ndi kuyesa ngati khadi ili moyo, kamabwerera kokha pakapita masiku angapo. Ikakhala ndalama yonse ndiye mwina munayesapo kale zaulere ndi akaunti yomweyo, poti mwayiwu nthawi zambiri ndi kamodzi, kapena munadina pulani yopanda masiku aulere. Onani lisiti mu imelo nkupempha kubweza lero lomwe.

## Chizindikiro 7: si khadi, ndi mayunitsi omwe akungotha

Izi ndi zapachibale. Nyimbo zoti woimba foni azimva, nkhani za mpira, mauthenga a tsiku ndi tsiku, zina zimayamba ndi masiku aulere kenako zimadula pang'onopang'ono tsiku lililonse. Mayeso ake: zimitsani data, lembani mayunitsi omwe alipo usiku, osaimba osatumiza meseji, muonenso m'mawa ndi madzulo. Akachepa ndiye kuti chilipo chikudya. Fufuzani meseji yoyamba yomwe inakulandirani, nthawi zambiri imanena mosiyira. Mukaisowa pitani ku shopu ya kampani ya foni yanu mtauni muno muwauze akuonetsereni zonse zomwe nambala yanu inalembetsa ndipo azichotse muli pomwepo. Kwa agogo ndi makolo omwe foni amangoimbira, awoneleniko, iwo amangoti mayunitsi a masiku ano sachedwa kutha.

## Kaundula woti zisabwerere

Ine ndimagwiritsa ntchito tsamba lomaliza la kope la ngongole za pa shopu, ena amadzitumizira meseji pa WhatsApp, zonse ndi bwino bola malo akhale amodzi. Mzere uliwonse uli ndi zinthu zisanu: dzina la apu, imelo yomwe ndalowera, khomo lomwe ndalowera, tsiku ndi ola lomwe ndayamba, ndi mtengo womwe adzadule limodzi ndi kuti ndi wa sabata, mwezi kapena chaka. Chofunika kwambiri pa zisanuzi ndi imelo ndi khomo, chifukwa pakatha sabata ziwiri dzina la apu mumalikumbukira koma komwe munalowera mumaiwala. Sindifufuta mzere mpaka nditaona imelo yotsimikiza kapena sikirinishoti yoonetsa tsiku lothera.

Alamu yake musangolemba kuti "kansela", ikalira muli pa kabaza simudziwa kuti mukansele chani. Lembani dzina la apu ndi ndalama yake mu makwacha, mwachitsanzo kuti lero K12,200 ichoka. Nambala imadzutsa munthu kuposa mawu. Ndipo tsiku lolandira malipiro kapena ndalama yochokera kunyumba, tengani mphindi zisanu mutsegule `Subscriptions` pa akaunti iliyonse nkuwerenga sitetimenti ya mwezi wathawo mzere ndi mzere. Mameseji aku banki akhale otsegula, ngati simuwalandira kafunseni ku nthambi yanu awayatse.

## Nthawi yosiya kuzipanga nokha

Pitani ku banki, kapena ku shopu ya kampani ya ndalama za pa foni, tsiku lomwelo ngati:

- mwafufuza ma akaunti onse ndi maimelo onse koma dzina lomwe likudulalo silikupezeka paliponse
- akudula kangapo pa tsiku limodzi kapena mayina osiyanasiyana motsatizana
- muli ndi umboni woti munakansela nthawi ilipo koma kudula kukupitirira
- munalemba nambala ya khadi pa tsamba lomwe munalipeza kudzera pa linki ya mu gulu la WhatsApp kapena Facebook lolonjeza miyezi yaulere

Mukapita tengani chiphaso, sitetimenti kapena mameseji odulawo, sikirinishoti yokansela ndi imelo yotsimikiza. Auzeni atseke khadi ndipo mulembe dandaulo lotsutsa malipirowo, mufunse nambala ya dandaulo lanu. Musachedwe, madandaulo oterewa amakhala ndi malire a nthawi. Dziwaninso kuti ngati munavomera nokha nkuiwala kukansela, banki siingakubwezereni, chifukwa kwa iwo amenewo ndi malipiro ovomerezeka. Ndipo musatsutse ku banki malipiro a Google kapena Apple musanayese kaye njira yawo yobwezera, zitha kusokoneza akaunti yanu yolipirira. Ngakhale khadi yatsekedwa, bwererani mukakansele mgwirizanowo pomwe uli, usadzatsatire khadi yatsopano mukadzailumikiza.

Ngati akaunti yomwe ikudulayo ndi ija anakutsegulirani munthu wina ndipo pasiwedi simukuidziwa, yesani kuibweza kudzera pa nambala ya foni yomwe inalembedwa. Zikakanika musapereke khadi ndi foni kwa anyamata okonza mafoni kuti "akuchotsereni", iwo alibe njira ina yoposa yomwe ndalemba apa, tsekani khadi ku banki basi. Kampani ya foni ikalephera kukuthandizani pa za mayunitsi mutadandaula, nkhaniyo imapita ku MACRA, ya banki ikakanika imapita ku Reserve Bank of Malawi, ndipo konseko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kwa eni ake, ndiye nambala ya dandaulo ija muisunge.

Wina akakuimbirani kuti ndi waku banki kapena waku Google, akufuna akubwezereni ndalama koma mumuuze PIN, manambala atatu a kuseri kwa khadi kapena kodi yomwe yabwera pa meseji, dulani foni nkuimbira nambala yomwe yalembedwa kuseri kwa khadi yanu.